Imelo ya ku ntchito pa foni yanu: funsani kaye khomo limene ilowere

Mlamu wanga amagwira ntchito pa kampani ina yogula nsawa ndi soya kwa alimi. Ofesi yawo ili kuno ku Chipata, koma masiku ambiri iye amakhala pa njinga yamoto cha ku Chadiza ndi ku Vubwi, kulemba mayina a alimi ndi kuwerenga matumba. Mitengo ikasintha, abwana amatumiza imelo, ndipo iye amaiona patapita masiku atatu akabwerera pa kompyuta ya mu ofesi. Choncho tsiku lina Lamlungu anafika kwathu ndi foni yake ya Tecno, atalemba kale kalata ya mzere umodzi yopita kwa mkulu wa zamakompyuta, yopempha kuti amuikire imelo ya ntchito pa foniyo. Sanaitumize. Anandifunsa kaye kuti, "Alamu, nanga akaika, sayamba kuwerenga WhatsApp yanga?"

Ine ntchito yanga ndi yomweyi, kukonza makompyuta ndi maimelo a m'maofesi ang'onoang'ono, ndipo funso la WhatsApp ndi limene aliyense amayamba nalo. Koma si limene limaliritsa anthu. Pa njira zonse zimene ndifotokoze pano, palibe imene imapatsa ofesi maso oti iwerenge mauthenga anu a WhatsApp, kuona zithunzi zanu kapena kumva zimene mukulankhula pa foni. Chimene chimasiyana kwambiri ndi ichi: tsiku limene mwataya foni, kapena mwasiya ntchito, kapena mwachotsedwa, munthu wa ku ofesi akadina batani lofufuta, chifufutike ndi chiyani? Imelo yokha, kapena foni yonse?

Tisanafike pamenepo, pali chinthu chimodzi chimene ndinamuuza mlamu wanga mosapsatira. Imelo ya ntchito si yanu. Imakhala pa seva, kompyuta yaikulu yosungira makalata, imene ofesi imalipira, ndipo amene ali ndi makiyi ake angathe kuitsegula, kaya mumaiwerengera pa kompyuta ya ofesi kaya pa foni yanu muli pa mphasa kunyumba. Ndiye zokambirana za chilimba, za ngongole kapena zofunsira ntchito kwina musazidutsitse m'menemo. Zimenezo sizidalira njira imene mwasankha. Chimene tikuyerekeza pano ndi mphamvu imene ofesi imapeza pa foni yeniyeniyo.

Njira yakale, imene inandichititsa manyazi

Foni iliyonse imabwera ndi apu yakeyake ya makalata. Pa mafoni ambiri a Android ndi Gmail, pa Samsung pali Samsung Email, pa iPhone pali Mail. Mukalowetsa imelo ya ntchito ya Microsoft m'maapu amenewa, imalumikizana kudzera m'njira yotchedwa Exchange ActiveSync. Imagwira bwino, siidya malo, kalendala ndi manambala a anzanu a ku ntchito zimangolowa zokha. Koma pa Android, pakati pa kuikako, pangatuluke tsamba lolembedwa Activate this device admin app, ndipo pansi pake pali mndandanda wa zimene mukuvomereza. Mzere umodzi pa mndandandawo umati Erase all data. Anthu sawerenga. Amadina, chifukwa akufuna imelo itseguke apite ku nsima.

Zaka zingapo zapitazo dalaivala wa ofesi ina imene ndinkathandiza anasiya ntchito, mwamtendere ndithu. Anandiuza kuti nditseke imelo yake. Ndinaona foni yake pa mndandanda, ndinadina kuti ifufutidwe, ine m'maganizo ndili pa makalata okha. Madzulo ake bamboyo anabwera pa geti ndi foni ikuonetsa moni wa tsiku limene inagulidwa. Munali zithunzi za ukwati wa mwana wawo, mavidiyo a ku Kulamba ku Mkaika, ndi manambala a zaka zisanu. Ndalama za pa foni sizinapite, chifukwa izo zimatsatira nambala ya simu. Manambala akanabwerera akanakhala kuti akudziwa pasiwedi ya akaunti yawo ya Google, koma akauntiyo anawatsegulira mnyamata wa pa shopu tsiku logula foni, ndipo kapepala kanasowa kalekale. Sanandikalipire. Anangoti, "Mwana wanga, ukanandiimbira." Mpaka lero mawuwo amandilasa.

Masiku ano Microsoft inawonjezera kufufuta kwa akaunti yokha, ndipo kwa munthu wa zamakompyuta kusiyana kwake ndi liwu limodzi kumapeto kwa lamulo limene akulemba:

```
Clear-MobileDevice -Identity "dzina la foni" -AccountOnly
```

Akaiwala liwu lomalizalo, pa foni imene inalowa kudzera mu apu yakeyake, zonse zingapite. Komanso liwulo limagwira pokhapokha apuyo ikhale yatsopano mokwanira kulimva. Sindifuna kuti zithunzi za ana anga zidalire kuti mnyamata wina wotopa Lachisanu madzulo akumbukire liwu limodzi. Njira imeneyi ndimaikana pa foni ya munthu, ngakhale ndi yophweka kuposa zonse.

Ngati munaika kale imelo ya ntchito ndipo simukumbukira zimene munavomereza, tsegulani Settings, lembani admin pofufuzira, mulowe pa Device admin apps. Find My Device, imene tsopano imatchedwa Find Hub, ikapezeka pamenepo si vuto, ndi ya Google yothandiza kupeza foni yotayika. Koma mukaona apu ya makalata itayatsidwa pa mndandandawo, ndiye kuti ofesi ili ndi dzanja pa foni yonse. Pa iPhone pitani pa Settings, kenako General, kenako VPN & Device Management, muwerenge zimene zalembedwa pamenepo.

Kungotsegula pa intaneti, osaika chilichonse

Kumbali inayo kuli njira yosapereka kalikonse. Mumatsegula Chrome, n'kulemba adiresi ya imelo ya ofesi, n'kulowa ngati pa kompyuta. Ofesi singafufute kanthu pa foni yanu. Imangoona zimene imaona kwa aliyense wolowa: nthawi, mtundu wa foni, ndi adiresi ya intaneti imene mwalowera, imene pa netiweki ya foni kawirikawiri imaloza ku Lusaka ngakhale muli pa Kapata.

Kwa munthu amene amangofuna kusuzumira kamodzi pa mlungu, iyi ndiyo yabwino, ndipo musalole wina akuumirizeni zoposa apo. Kwa mlamu wanga siinathandize. Siilira uthenga ukafika, imafuna netiweki nthawi iliyonse imene mukuwerenga, ndipo kumudzi kumene netiweki imagwira pa chulu pokha simungatsegule kalata imene munaiona dzulo. Maofesi ena amaitsekanso dala pa mafoni.

Apu ya Outlook yokhala ndi loko wa ofesi

Apa ndi pamene ndimakankhira anthu ambiri ngati ofesi yawo ili pa Microsoft 365. Mumaika apu ya Outlook kuchokera pa Play Store, ndipo malamulo a ofesi amamangidwa pa apuyo, osati pa foni. A zamakompyuta amaitcha App protection policy, ndipo imayendetsedwa ndi pulogalamu ya Intune. Taganizani za munthu amene wakusungitsani sutikesi yokhoma m'nyumba mwanu. Kiyi wa sutikesi ali naye, angabwere kudzaitenga, koma kiyi wa nyumba alibe.

Mukaiika, apuyo imakupemphani pini yakeyake, ndipo imaifunsanso mukaisiya kwa kanthawi, kawirikawiri mphindi 30. Ofesi ingaletse kuti mukopere mawu kuchoka mu imelo kupita ku WhatsApp, ingaletse kujambula sikirini, ingaletsenso kusunga fayilo ya ntchito pa foni. Zimenezi zimatopetsa, ndisaname, makamaka kwa ife amene ntchito yambiri imayendera pa magulu a WhatsApp. Koma akadina kufufuta, chimachoka ndi imelo ya ntchito ndi zake zokha. Ngakhale ofesi ikhale yopanda Intune, lamulo lofufuta likafika pa apu ya Outlook limathera mu apu momwemo, silifika pa zithunzi zanu.

Pali msampha umodzi umene umasokoneza ngakhale anthu ophunzira. Pa Android, njira imeneyi imafuna kuti muikenso apu ina yotchedwa Company Portal. Imangofunika kukhalapo pa foni kuti loko agwire ntchito. Simufunika kuitsegula n'kulowamo. Mukalowamo n'kutsatira masamba ake mpaka kumapeto, mungapezeke mwalembetsa foni ku ofesi, imene ndi njira ina. Pa iPhone ntchito yotereyi imagwiridwa ndi apu ya Microsoft Authenticator.

Malire ake ndi awa. Ofesi ingakane foni ya Android yakale kwambiri, ndipo kawirikawiri imakana foni imene inatsegulidwa m'kati ndi anyamata okonza mafoni. Imaikanso malire a nthawi imene apu ingakhale osalankhula ndi seva. Nthawiyo ikadutsa imadzitseka mpaka mutapeza netiweki, ndipo pakapita nthawi yaitali, kawirikawiri masiku 90, imadzifufuta yokha. Kwa munthu wa mu tauni zimenezi sazizindikira n'komwe. Kwa wogula mbewu amene akagona masiku atatu kumene kulibe netiweki, ndi funso loyenera kulifunsa asanakwere njinga.

Chipinda cha ntchito m'kati mwa foni

Maofesi akuluakulu, mabungwe othandizidwa ndi ndalama zakunja ndi mabanki amakonda kulembetsa foni. Pa Android yaumwini, kulembetsa koyenera kumamanga chimene pa sikirini chimalembedwa Work profile. Chinayamba ndi Android 5.0 mu 2014, si chachilendo. Foni imagawika pawiri. Pa mndandanda wa maapu pamabwera mbali ya Personal ndi mbali ya Work, ndipo maapu a ntchito amakhala ndi kachizindikiro ka chikwama. Ofesi imalamulira chipindacho: imaikamo maapu, imaona zimene zilimo, ndipo ingachigumule chonse. Kuchipinda kwanu singalowe. Siiona zithunzi, mauthenga, manambala anu, masamba amene mumatsegula kapena maapu amene munaika nokha. Imadziwa mtundu wa foni ndi Android imene ilimo, ndipo kuyambira pa Android 12 siipatsidwanso nambala ya IMEI ya foni yaumwini.

Chimene ndimachikonda pa njira imeneyi ndi batani la Pause work apps. Loweruka muli ku maliro kapena ku tchalitchi, mumadina, ndipo mbali ya ntchito imagona yonse, osalira, osadya bandulo. Apu ya Outlook nayo ili ndi poletsera kulira, koma siifika pamenepa.

Zovuta zake ndi za thumba. Chipinda chachiwiri chimatanthauza maapu awiriawiri, Chrome wanu ndi Chrome wa ntchito, ndipo foni ya malo ochepa imayamba kudandaula. Mafoni otchipa a Android Go, amene adzaza m'mashopu a ku Down Shops, ambiri sakwanitsa kumanga chipindachi n'komwe. Komanso si zoona kuti ofesi ilibiretu mawu kunja kwa chipindacho. Ingalamule kuti foni yonse ikhale ndi loko wolimba, ndipo ingaletse kuika maapu osachokera pa Play Store pa foni yonse. Ngati mumalandira maapu kwa anzanu kudzera pa Xender pofuna kusunga bandulo, mudzazimva.

Pa iPhone palibe zipinda zooneka choncho, koma kulembetsa kuli kuwiri, ndipo mayina ake ndi ofanana moti munthu angapusitsike. User Enrollment, imene Apple inabweretsa mu 2019, inapangidwira mafoni aumwini, ndipo ofesi singafufute foni yonse. Device Enrollment imapatsa ofesi mphamvu yoibweza pa chiyambi. Wina akakuuzani kuti "tingolembetsa basi," mufunseni kuti kulembetsa kwake kuti.

Ofesi ikakhala pa Google Workspace, nkhani ndi yofanana koma mayina ndi ena. Pa ulamuliro umene amautcha Basic, mumangowonjezera akaunti mu Gmail, ofesi ingafune loko pa sikirini ndipo ingachotse akaunti yake. Pa Advanced ndi pamene foni ya Android imapemphedwa apu ya Android Device Policy ndi chipinda cha ntchito.

Zotsala, mwachidule

Maofesi ambiri ang'onoang'ono kuno alibe zonsezi. Imelo yawo inabwera pamodzi ndi webusaiti, ndipo amakupatsani kapepala kolembedwa IMAP, dzina la seva ndi nambala 993. Pamenepo ofesi ilibe dzanja lililonse pa foni yanu, chimene ingachite ndi kusintha pasiwedi basi. Kwa inu ndi mtendere, koma mtolo wonse wosamala makalatawo uli pa mutu panu. Ingoonetsetsani kuti mwasankha IMAP osati POP, chifukwa POP ingakokere makalata pa foni n'kuwachotsa pa seva, mawa mupeze kompyuta ya ku ofesi ili mbee.

Zoti makalata a ntchito azidzitumiza okha ku Gmail yanu, musayerekeze. Mumakhala mwatulutsa zinsinsi za ofesi popanda chilolezo, ndipo zikavuta wolakwa ndinu. Foni ya ofesi ndiyo yoyera kuposa zonse pa nkhani ya zinsinsi, ngati alipo wokugulirani. Kulemera kwake ndi kunyamula mafoni awiri ndi kuwatchaja onse malaiti akapita, monga tinaonera mu 2024 madzi atachepa ku Kariba.

Kalata imene inapita

Titatha kukambirana, tinang'amba kalata ya mzere umodzi ija. Tinayamba kuiganiza m'chinenero chathu, iye n'kuiika m'Chingerezi pambuyo pake monga amalembera ku ofesi kwawo. Inali motere:

"Bwana, ndikupempha kuti ndiziwerenga imelo ya ntchito pa foni yanga, chifukwa masiku ambiri ndimakhala kwa alimi ndipo mauthenga a mitengo amandipeza mochedwa. Foniyi ndi yanga, ndi Tecno ya Android 13, malo otsala ndi pafupifupi 9 GB, ndipo ana anga amaigwiritsanso ntchito madzulo. Ndisanaibweretse, chonde ndiuzeni dzina la njira imene mugwiritse ntchito: apu ya Outlook yokha, Work profile, kapena kulembetsa foni yonse. Ndikufunanso kudziwa zimene mudzatha kuona pa foniyi, ndiponso ngati mudzatha kudziwa kumene ndili. Foni ikatayika kapena ndikadzasiya ntchito, chidzafufutidwe ndi chiyani, adzafufute ndani, ndipo kodi ndidzauzidwa kaye? Ndikakhala masiku angapo kopanda netiweki, imelo idzatsekeka pakapita nthawi yotani? Pomaliza, kodi ofesi ithandizapo pa bandulo, ndipo kodi kukhala ndi imelo pa foni kukutanthauza kuti ndiziyankha usiku ndi kumapeto kwa mlungu? Ngati pali lamulo lolembedwa la mafoni a antchito, ndingakonde kuliwerenga. Zikomo."

Mlamu wanga anaopa kuti kalatayi imveka ngati akuwaganizira zoipa. Ndinamuuza kuti munthu wa zamakompyuta wodziwa ntchito yake amasangalala nayo, chifukwa yamuuza mtundu wa foni, Android yake ndi malo otsala, zinthu zimene akanayenera kufunsa yekha. Chiganizo cha ana chija anafuna kuchichotsa, ine ndinakana. Foni imene mwana wa giredi 5 amaonerapo makatuni imafunika pini pa apu ya ntchito, ndipo ndi bwino ofesi idziwiretu kusiyana n'kudzazimva tsiku limene mwana watumizira abwana zithunzi za mbuzi.

Mafunsowa alinso ndi msana wa lamulo. Dziko la Zambia lili ndi Data Protection Act, lamulo nambala 3 la 2021, limene limapatsa munthu ufulu wodziwa zimene wina akusonkhanitsa zokhudza iye ndi chifukwa chake, ndipo wolemba ntchito sali kunja kwa lamuloli. Koma mpeni wake ndi wakuthwa konsekonse. Mu imelo ya mlamu wanga muli mayina a alimi, manambala a mafoni awo ndi manambala a mareji awo. Lamulo lomwelo limafuna kuti ofesi isamale zimenezo, ndipo zikabedwa kapena kutayika idziwitse ofesi ya Data Protection Commissioner pasanathe maola 24. Ndiye ofesi ikaumirira pini ndi mphamvu yofufuta makalata ake, sikuti ikukuzunzani. Poyenera kukangana ndi pa kukula kwa mphamvuyo. Ndipo foni ikatayika mu minibasi, auzeni tsiku lomwelo, osadikira kuti mwina ipezeka Lolemba.

Yankho, ndi zimene zinachitika

Yankho linabwera Lachiwiri, lalifupi. Ofesi yawo ili pa Microsoft 365, amagwiritsa ntchito Outlook yokhala ndi loko, salembetsa mafoni aumwini, saona kumene munthu ali kupatula zimene zimalembedwa polowa, ndipo kufufuta kumachotsa za kampani zokha. Za nthawi yokhala popanda netiweki anati ndi tsiku limodzi, koma aonjezera kwa ogwira ntchito kumidzi. Za bandulo ndi zoyankha usiku anati zimenezo si zawo, afunse kwa oyang'anira antchito. Funso limenelo mpaka pano likuzungulirabe m'makonde.

Lachitatu madzulo tinakhala pa khonde n'kuyamba. Choyamba sichinali Outlook. Tinayamba taona ngati akudziwa pasiwedi ya Google yake, ndipo sanali kuidziwa, choncho tinaisintha n'kuilemba m'buku la kunyumba, kenako tinaona kuti manambala ndi zithunzi zili ndi posungira pena. Chifufutireni foni ya dalaivala uja, sindigwira foni ya munthu ndisanachite zimenezi, ngakhale njira ikhale yotetezeka bwanji.

Kenako tinaika maapu atatu pa waifai kuti bandulo isapse: Outlook, Company Portal ndi Microsoft Authenticator, imene apa ntchito yake inali yotsimikizira kuti wolowa ndi iyeyo. Company Portal sitinaitsegule. Mu Outlook analemba imelo ya ntchito ndi pasiwedi, pa sikirini panatuluka nambala ya manambala awiri yoti ailembe mu Authenticator, kenako apu inanena kuti kampani ikuteteza zake m'menemo ndipo inapempha pini. Anafuna kuika pini yomwe amagwiritsa ntchito pa ndalama za pa foni. Ndinamugwira dzanja. Titamaliza tinalowa pa Device admin apps kukaona ngati pawonjezeka china, ndipo panalibe. Tinaonanso mndandanda wa maapu, panalibe mbali ya Work. Umenewo ndiwo unali umboni wakuti zimene analemba mu yankho ndi zimene zachitikadi.

Outlook inapempha chilolezo choona manambala ndi zithunzi. Zilolezo zimenezi ndi za apu, kuti muthe kumata chithunzi pa kalata kapena kuona dzina la mnzanu wa ku ntchito akamaimba, si khomo la ofesi lolowera m'zithunzi zanu. Komabe chithunzi chimene mwamata pa imelo ya ntchito chapita pa seva yawo. Ndipo pali kamsampha pa manambala: amene alowa m'foni kuchokera ku Outlook amachoka limodzi ndi akauntiyo tsiku lofufuta. Mlamu wanga ali ndi manambala a alimi ambiri amene ena ndi abale ndi anansi, choncho tinaonetsetsa kuti nambala yatsopano iliyonse izisungidwa ku akaunti yake ya Google.

Ndinamuchenjezanso za waifai ya ku ofesi, imene anthu amaiiwala akamaopa imelo. Foni yanu ikalumikizidwa pamenepo, woyang'anira netiweki angaone mayina a masamba amene foniyo ikupitako, ngakhale sangawerenge mauthenga a WhatsApp. Zimenezo zimachitika kaya muli ndi imelo ya ntchito pa foni kaya mulibe.

Milungu iwiri yoyamba zinayenda, kupatula kudandaula kuti sangakopere mitengo kuchoka mu imelo kupita ku gulu la WhatsApp la alimi otsogolera. Amachita kuilembanso pamanja. Vuto lenileni linabwera atapita ku maliro ku Mchinji. Atadutsa pa Mwami anaika simu ya ku Malawi monga timachitira tonse, ndipo madzulo Outlook inakana kumulowetsa. Anandiimbira ali ndi mantha kuti mwina amuchotsa ntchito ali pa maliro, kapena ofesi yamuona kuti watuluka m'dziko ndipo yakwiya. Sizinali choncho. Kampani yawo inaika lamulo loti akaunti izitseguka kuchokera mu Zambia mokha, pofuna kutchinga akuba a kunja, ndipo simu ya ku Malawi inamupatsa adiresi ya intaneti ya ku Malawi. Amene anaika lamulolo ali ku Lusaka, ndipo sanaganizire kuti kwa ife Mchinji ndi pafupi kuposa Katete. Palibe anamutsata ndi mapu, koma m'kaundula wa olowa munalembedwadi kuti nthawi yakutiyakuti akaunti yake inayesa kulowa kuchokera ku Malawi, ndipo aliyense wotsegula kaundulayo akanaona.

Atabwerako analembanso kalata yachiwiri, ya mizere itatu, yopempha kuti ogwira ntchito m'malire aziloledwa kulowa ali ku Malawi, kapena auzidwe woti azimudziwitsa asanawoloke. Anamuyankha kuti azitumiza uthenga kutatsala tsiku limodzi, ndipo iye anafunsa ngati maliro amapanganika kutatsala tsiku. Pamene ndikulemba pano akudikirabe yankho la funso limenelo, pamodzi ndi lija la bandulo.